Mmene mungadziwire makasitomala ndi ntchito zimene zikukupindulitsanidi

Anthu odzilemba okha ntchito amandifunsa kawirikawiri kuti n'chifukwa chiyani ndalama sizikuoneka pamene maoda sakutha ndipo iwo akuweruka usiku tsiku lililonse. Funso limeneli ndaliyankha kambirimbiri, moti ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho lake lonse pamalo amodzi. Nthawi zambiri vuto limakhala lakuti munthuyo amadziwa ndalama zimene kasitomala aliyense amamulipira, koma sadziwa maola amene kasitomalayo amamudyera, makamaka maola amene salembedwa pa invoisi. Chimene tikufuna kupeza pano ndi nambala imodzi pa kasitomala aliyense ndi pa mtundu uliwonse wa ntchito: ndalama zimene zimakutsalirani pa ola limodzi, mutachotsa zonse zimene munagula chifukwa cha ntchitoyo ndiponso mutawerenga maola onse.

Ndigwiritsa ntchito chitsanzo cha telala wogwira ntchito yekha, koma njira yake ndi yomweyo kwa wojambula zithunzi, womasulira zikalata, wokonza magetsi kapena wowerengera anthu ndalama. Manambala onse ndi achitsanzo ndipo sindinawapatse dzina la ndalama ya dziko lililonse, choncho muikepo anu.

1. Konzani mabuku awiri, la nthawi ndi la ndalama

Kope wamba ndi lokwanira, ngakhale kuti pulogalamu ya matebulo monga Excel kapena Google Sheets imafewetsa kuwonkhetsa. Buku la nthawi likhale ndi mizati 6 motere: tsiku, dzina la kasitomala, nambala ya ntchito, mtundu wa ntchito, chimene munachita, ndi mphindi zimene zinatha. Buku la ndalama likhale ndi nambala ya ntchito yomweyo, mtengo umene munagwirizana, ndalama zimene mwalandira ndi tsiku lake, komanso zimene munagula chifukwa cha ntchitoyo. Nambala ya ntchito ndi imene imalumikiza mabuku awiriwa, ndipo oda iliyonse muipatse nambala yakeyake tsiku limene mwayamba kukambirana, osati tsiku limene mwayamba kuigwira.

Mitundu ya ntchito isachuluke. Telala wathu ali ndi itatu yokha: kusoka zovala zatsopano, kusoka mayunifolomu, ndi kukonza zovala, monga kupinda, kuchepetsa ndi kusintha zipi. Mukaigawa m'mitundu 15, mtundu uliwonse udzakhala ndi maola ochepa kwambiri moti simudzatha kuona kanthu, ndiponso mudzatopa ndi kusankha poika chilichonse. Makasitomala ang'onoang'ono obwera kamodzi muwaphatikize pansi pa dzina limodzi, koma wamkulu aliyense akhale payekha.

2. Lembani nthawi yonse, makamaka yosaoneka

Apa ndi pamene anthu ambiri amalephera, ndipo malangizo ambiri amangodutsapo ndi chiganizo chimodzi chakuti muzilemba maola anu. Telala akafunsidwa maola amene diresi linatenga, amawerenga nthawi imene anakhala pa makina ndi pa tebulo lodulira. Koma diresilo linayamba kumudyera nthawi pamene mwini wake anatumiza zithunzi za masitayelo, kenako panali kuyeza, kukasaka nsalu yofanana ndi ya pachithunzi, kuyeserera, kusomola ndi kusokanso chifukwa mwini wake wasintha maganizo, kukapereka, ndipo pomaliza kumukumbutsa kangapo za ndalama yotsala. Nthawi yonseyi ndi ya kasitomala ameneyo, chifukwa akanapanda kubwera, inu simukanaitaya. Limeneli ndi lamulo loti muziligwiritsa ntchito mukamakayika: dzifunseni ngati mukanachita chinthucho kasitomalayo kulibe. Ngati yankho ndi ayi, mphindizo zilembedwe pa dzina lake.

Mu mzati wa chimene munachita gwiritsani ntchito mawu ochepa osasinthasintha, monga ntchito yeniyeni, kukambirana, ulendo, kubwereza ndi kutsata ndalama. Mawu amenewa adzakuthandizani kwambiri kutsogoloku, chifukwa kudziwa kuti kasitomala amadya maola ambiri sikokwanira. Muyenera kudziwanso kuti maolawo amathera pati, popeza mankhwala a kubwereza ntchito ndi osiyana ndi mankhwala a kuchedwa kulipira.

Lembani nthawi yomweyo pamene mwamaliza chinthu, kapena osachepera kawiri pa tsiku, masana ndi poweruka. Musadikire kumapeto kwa sabata. Munthu akamakumbukira za masiku apitawo, amakumbukira bwino ntchito zazikulu zimene anakhalira pansi kwa maola atatu, koma amaiwala mafoni a mphindi zisanu ndi mauthenga oyankha ali pakati pa ntchito ina, ndipo tinthu toiwalika timeneti ndi timene timasiyanitsa kasitomala wabwino ndi wovuta. Pa mauthenga, sikofunika kulemba uliwonse pawokha. Poweruka tsegulani foni, muone amene munalankhula nawo tsikulo, ndipo mulembe mzere umodzi pa kasitomala aliyense. Mauthenga a usiku ndi a tsiku lopuma nawonso ndi ntchito, ngakhale munawayankha muli kunyumba.

Ulendo umodzi ukathandiza makasitomala awiri, monga kukagula nsalu za maoda awiri, gawani mphindizo pakati pawo. Nthawi yodikira pakhomo pa kasitomala amene anakuitanani koma sanafike muilembe yonse pa dzina lake. Ntchito imene mwaibwereza chifukwa cha kulakwitsa kwanu muilembebe pa nambala ya ntchitoyo, koma muikepo chizindikiro kuti musadzaimbe mlandu kasitomala wosalakwa. Komanso anthu amene anafunsa mtengo, munawayeza kapena kuwalembera kotesheni, koma sanabwererenso, nthawi yawo ilembedwe pansi pa mtundu wa ntchito imene ankafuna, chifukwa mtundu wina wa ntchito umakopa ofunsa ambiri amene sagula.

Palinso nthawi imene si ya kasitomala aliyense, monga kusesa malo ogwirira ntchito, kuthira mafuta m'makina, kulemba mabuku amenewa ndi kutsatsa malonda. Imeneyi muilembe pansi pa dzina limodzi lakuti zabizinesi. Chizindikiro chakuti mukulemba bwino n'chakuti mphindi zonse za tsiku zikawonkhetsedwa zimayandikira nthawi imene munakhaladi pa ntchito. Ngati munagwira maola 9 koma m'buku muli maola 6, ndiye kuti maola 3 akusowa, ndipo kawirikawiri amakhala a kasitomala yemweyo amene amakusokonezani pafupipafupi.

Chenjezo laling'ono koma lofunika: lembani mphindi, osati maola. Anthu ambiri amalemba ola limodzi ndi theka ngati 1.30, pamene kwenikweni ndi 1.5, ndipo kulakwitsa kumeneku kukabwerezedwa tsiku ndi tsiku kumachepetsa maola onse. Mukalemba 90, n'kudzagawa zonse ndi 60 kumapeto, vutoli silikhalapo. Ngati mayina a makasitomala ali mu mzati B ndipo mphindi zili mu mzati F, maola a kasitomala mmodzi, tinene wolembedwa kuti Sitolo, amapezeka motere:

```
=SUMIFS(F:F,B:B,"Sitolo")/60
```

Dzina la kasitomala lilembedwe mofanana nthawi zonse, apo ayi mizere ina idzatsala osawerengedwa.

3. Lembani ndalama zimene zalowadi ndi zimene ntchitoyo yadya

Mtengo umene munagwirizana si ndalama mpaka utalandiridwa. Powerengera gwiritsani ntchito zimene zafika m'manja mwanu kapena ku akaunti yanu, mutachotsa kuchotsera kulikonse kumene munavomera pomaliza ndi zimene banki kapena kampani yotumizira ndalama yadula. Ngati mumatolera msonkho m'malo mwa boma, umenewo si wanu ndipo usalowe m'chiwerengerochi.

Kenako lembani zogula za ntchitoyo, kutanthauza zinthu zimene simukanagula ntchitoyo ikanapanda kubwera: nsalu, zipi, mabatani, thiransipoti yokaperekera katundu, ndi malipiro a munthu amene munamulemba ganyu pa oda imeneyo. Lendi ndi magetsi zisalowe pano, zili ndi malo ake. Zimene zatsala mukachotsa zogulazi pa ndalama zolandiridwa ndizitcha zotsala. Zotsala si phindu, chifukwa lendi ndi malipiro anu sizinachotsedwe.

Samalani ndi dipoziti, ndalama ija imene kasitomala amapereka ntchito isanayambe. Ikalandiridwa mwezi uno pamene ntchito idzagwiridwa mwezi wamawa, mwezi uno udzaoneka wabwino kwambiri ndipo wamawa udzaoneka woipa, zonse ziwiri zili zabodza. N'chifukwa chake kuwerengera kuyenera kutsata nambala ya ntchito osati kalendala. Tengani ntchito zimene zatha, ndipo ndalama zake zonse muziyerekeze ndi maola ake onse, posatengera mwezi umene chilichonse chinachitika. Ntchito yatha koma yosalipiridwa ikhale pa mndandanda wapadera, ndipo ikapitirira nthawi imene mukuona kuti ndalamayo sidzabweranso, ilowe m'chiwerengero ndi maola ake onse ndi ndalama zokhazo zimene zinaperekedwa.

4. Pezani mlingo wanu wa pa ola

Musanaweruze kasitomala aliyense mukufunika choyezera. Wonkhetsani zolipira zokhazikika za pa mwezi, zimene mumalipira kaya kuli ntchito kaya kulibe, monga lendi, magetsi, foni ndi intaneti, kukonzetsa makina, ndi kandalama kosungira kudzagula makina ena amenewa akadzatha. Kwa telala wathu zimenezi zikukwana 400. Onjezerani malipiro anu, ndalama imene mukufunika kutenga pa mwezi kuti mukhale ndi moyo woyenera ntchito yanu, tinene kuti 800. Anthu ambiri amasiya mbali imeneyi poganiza kuti chotsala chilichonse ndi malipiro awo, koma potero ntchito iliyonse imaoneka yopindulitsa, popeza wogwira ntchitoyo akuwerengedwa ngati waulere. Zonse pamodzi ndi 1,200 pa mwezi.

Tsopano gawani ndalama imeneyi ndi maola a makasitomala okha. Buku la telalayu likusonyeza kuti amagwira maola 160 pa mwezi, koma 40 mwa amenewa ndi a zabizinesi, ndipo a makasitomala ndi 120. Choncho mlingo wake ndi 1,200 kugawa ndi 120, zimene zikupereka 10 pa ola. Akanagawa ndi maola onse 160 akanapeza 7.5, ndipo akanamalandira mosangalala ntchito zopereka 8 pa ola osadziwa kuti zikumubweza m'mbuyo. Maola a zabizinesi palibe amene amawalipira mwachindunji, ndiye maola a makasitomala ayenera kuwasenza.

5. Werengerani kasitomala aliyense

Lembani kwa miyezi itatu musanapange chiganizo chachikulu, chifukwa mwezi umodzi ukhoza kusokonezedwa ndi oda imodzi yachilendo. Ngati ntchito yanu imayendera nyengo, kumbukirani kuti miyezi itatu ya piringupiringu siifanana ndi miyezi itatu ya zii. M'miyezi itatu telala wathu anagwira maola 360 a makasitomala, ndipo pa mlingo wa 10 ankafunika zotsala zokwana 3,600.

Kasitomala wake wamkulu ndi mwini sitolo yogulitsa zovala, amene analipira 2,400, kuposa wina aliyense. Zogula za maoda ake zinali 900, ndiye zotsala ndi 1,500. Maola osoka anali 120, ndipo kungoyang'ana amenewa zikuoneka ngati telalayu amapeza 12.5 pa ola, pamwamba pa mlingo. Koma buku likusonyeza maola ena 60: kubwereza zovala zimene mwini sitolo anasintha zitasokedwa kale kunatenga 25, maulendo okapereka katundu pang'onopang'ono 15, kutsata ndalama 12, ndi mauthenga 8. Maola onse ndi 180, ndipo 1,500 kugawa ndi 180 ndi 8.33 pa ola. Maola 180 pa mlingo wa 10 anayenera kubweretsa 1,800, choncho kasitomalayu anaperewera ndi 300.

Wachiwiri ndi sukulu imene inasoketsa mayunifolomu. Inalipira 1,500 yokha, zogula zinali 300 chifukwa sukuluyo inabweretsa yokha nsalu, ndipo zotsala ndi 1,200. Kusoka kunatenga maola 70, ndipo zina zonse maola 10 okha, popeza sitayelo ndi imodzi, miyeso inabwera pa pepala limodzi, ndipo malipiro anafika pa tsiku lake. Maola 80 amenewa akupereka 15 pa ola, ndipo sukuluyi inapitirira mlingo ndi 400.

Makasitomala ang'onoang'ono onse pamodzi analipira 1,700, zogula zinali 400, zotsala 1,300, pa maola 100. Amenewa akupereka 13 pa ola ndipo anapitirira mlingo ndi 300. Zotsala zonse zikukwana 4,000, kutanthauza kuti bizinesi inapeza phindu la 400 pamwamba pa 3,600 ija. Koma taonani kuti theka la maola onse linapita kwa kasitomala mmodzi amene sakukwanitsa mlingo, ndipo phindu la 700 lochokera kwa enawo linadyedwa ndi iyeyo mpaka kutsala 400. Telala amene amangoyang'ana ndalama zolowa akanapitiriza kuika maoda a sitolo patsogolo n'kumachedwetsa a sukulu.

6. Werengeraninso potsata mtundu wa ntchito

Mizere yomweyo muiwonkhetsenso potsata mzati wa mtundu wa ntchito, chifukwa nambala ya gulu imabisa zinthu. Pa maola 100 a makasitomala ang'onoang'ono aja, 30 anali okonza zovala ndipo anasiya zotsala 600, kutanthauza 20 pa ola. Maola 70 anali osoka zovala zatsopano ndipo anasiya 700, kutanthauza 10 pa ola, pa mlingo penipeni popanda phindu. Ntchito yokonza zovala, imene matelala ambiri amaiona ngati yodzazira mpata, ndi imene inali pamwamba pa zonse, chifukwa siifuna nsalu, siichedwa kukambirana, ndipo imalipiridwa pompopompo. Kuona mbali ziwirizi pamodzi kumakuuzaninso kumene vuto lagona. Mtundu wa ntchito ukamaperewera kwa makasitomala onse, ndiye kuti mtengo wanu ndi wotsika. Ukamaperewera kwa mmodzi yekha, vuto ndi mmene mumagwirira ntchito ndi munthu ameneyo.

7. Sankhani chochita, koma musathamangire kuthamangitsa munthu

Anthu akaona nambala ngati 8.33 ija amafuna kusiya kasitomalayo tsiku lomwelo, ndipo pamenepa ndimawachenjeza mwamphamvu. Mwini sitolo akuperewera pa mlingo, koma akubweretsabe zotsala 1,500 zimene zikuthandiza kulipira lendi. Telala akamusiya popanda ntchito ina yolowa m'malo mwake, zotsala zidzatsika kufika pa 2,500 pamene zofunika zikadali 3,600, ndipo phindu la 400 lidzasanduka kuperewera kwa 1,100. Kasitomala wopereka zochepera mlingo amakhala wovulaza pamene akutsekereza ntchito yabwino imene ikanalowa. Ngati maola akewo akanakhala opanda chochita, ndi bwino kukhala naye kusiyana ndi kukhala manja lende. Woyenera kusiyidwa mosazengereza ndi amene ndalama zake sizikwanira ngakhale zogula za ntchito yake.

Choyamba yang'anani maola 60 osaoneka aja, chifukwa ndi osavuta kuwachepetsa kusiyana ndi kukweza mtengo. Telala akagwirizana ndi mwini sitolo kuti chovala chimodzi chachitsanzo chizivomerezedwa zina zisanadulidwe, kuti kusintha kulikonse pambuyo pake kuzilipiridwa padera, kuti katundu aziperekedwa kamodzi pa sabata, ndiponso kuti theka la ndalama lizibwera ntchito isanayambe, maola amenewa akhoza kutsika kufika pa 30. Zikatero 1,500 kugawa ndi 150 ndi 10 pa ola, ndipo maola 30 opulumutsidwawo angapite ku ntchito yokonza zovala. Njira ina ndi kukweza mtengo, ndipo buku likukuuzani kuchuluka kwake: 300 yoperewera pa 2,400 ndi 12.5 peresenti. Mgwirizano watsopano ulembedwe, ngakhale mu uthenga wa pafoni, kuti pasadzakhale kukanirana.

Ngati mwini sitolo wakana zonsezi, musiyeni pang'onopang'ono. Kuti zotsala 1,500 zibwezeretsedwe ndi ntchito yopereka 15 pa ola pakufunika maola 100 okha, osati 180. Choncho telala ayambe wapeza oda ina ya mayunifolomu, ndipo azichepetsa maoda a sitolo molingana ndi mmene ntchito yatsopano ikulowera. Asaganize kuti ntchito yokonza zovala ingadzaze maola onsewo chifukwa chakuti ndi imene ili pamwamba. Inapereka 20 pa ola pa maola 30 okha, ndipo palibe chitsimikizo chakuti anthu ofuna kupindiridwa mathalauza achuluka kasanu chifukwa choti telala wapeza mpata.

8. Pitirizani kulemba mukasintha zinthu

Mukasintha mtengo kapena mgwirizano, lembani miyezi ina itatu ndipo muyerekeze mzati wa kubwereza ndi wa kutsata ndalama ndi mmene zinalili poyamba, chifukwa makasitomala ena amavomera malamulo atsopano pakamwa koma n'kubwerera ku chizolowezi chawo pakapita masabata ochepa. Mlingo wa pa ola nawonso muuwerengenso lendi ikakwera, mukagula makina, kapena maola a makasitomala akasintha. Telala yemweyu maola ake a makasitomala atatsika kuchoka pa 120 kufika pa 100 pa mwezi, mlingo wake ungakwere kufika pa 12, ndipo zovala zatsopano zopereka 10 pa ola, zimene poyamba zinali pa mlingo penipeni, zingayambe kuperewera ndi 2 pa ola lililonse. Mukalemba wantchito wa pa mwezi, malipiro ake alowe mu zolipira zokhazikika, maola ake a makasitomala alowe m'buku la nthawi ndi dzina lake pambali, ndipo mlingo uwerengedwe pa maola a nonse awiri.